Wotaya theka la mpamba sabwerera ndi phindu la theka

Munthu amene anaika ndalama zokwana 1,000,000 m'masheya, mitengo n'kutsika ndi 50 peresenti, amatsala ndi 500,000. Chaka chotsatira akamva kuti msika wakwera ndi 50 peresenti, mtima wake umakhala pansi, poganiza kuti zimene zinapita zija zabwerera. Koma akayang'ana chikalata cha akaunti yake amapezamo 750,000 basi, chifukwa phindu la 50 peresenti lija lawerengedwa pa 500,000 yotsalayo, ndipo theka la ndalama imeneyi ndi 250,000. Kuti afikenso pa 1,000,000 ayenera kupindula 500,000 ina yathunthu pamwamba pa 500,000 imene ali nayo, kutanthauza kuti ndalama yake iyenera kuwirikiza kawiri, komwe kuli kukwera ndi 100 peresenti.

Masamu amenewa mwana wa kupulayimale akhoza kuwachita, koma amapusitsa anthu ophunzira bwino tsiku ndi tsiku. Ine ndimaona kuti aliyense woika ndalama pamalo pamene zingathe kukwera kapena kutsika ayenera kufunsa za kuya kwa kugwa asanafunse za kukula kwa phindu. Ndimaonanso kuti ambiri mwa anthu amene amakonda kubwereza mfundo ya theka ndi kuwirikizayi amaigwiritsa ntchito molakwika, moti amaopseza nayo anzawo pamene sipayenera mantha, n'kusiya kuwachenjeza pamene pali ngozi yeniyeni.

Gwero la chisokonezo chonse ndi lakuti peresenti siima payokha, imawerengedwa nthawi zonse pa ndalama inayake, ndipo ndalama yowerengerapoyo imasintha mtengo ukangosuntha. Potsika timawerengera pa ndalama yaikulu imene inalipo pachimake, pamene pokwera timawerengera pa ndalama yochepa imene yatsala. Ndalama yotayika ndi ndalama yofunika kubweza ndi imodzimodzi, 500,000 uku ndi 500,000 uko, koma poiyerekeza ndi 1,000,000 ndi theka chabe, pamene poiyerekeza ndi 500,000 ndi yonse yathunthu. Wofuna kudziwerengera yekha agawe gawo lotayika ndi gawo lotsala:

```
g = L / (1 - L)
```

Apa L ndi gawo la mpamba limene latayika, ndipo g ndi phindu lofunika kuti munthu abwerere pamene anali. Wotaya theka amagawa 0.5 ndi 0.5 n'kupeza 1, yomwe ndi 100 peresenti.

Chimene chimandichititsa chidwi kwambiri m'kawerengedwe kameneka ndi momwe phindu lofunikalo limakulira kugwa kukamapitirira. Wotaya 10 peresenti amafunika 11.1 peresenti kuti abwerere, ndipo kusiyana kwakeko n'kochepa moti palibe amene angadandaule nako. Wotaya 20 peresenti amafunika 25 peresenti, zomwe zikadali zopirika. Pofika pa theka, phindu lofunika lafika kale pa 100 peresenti, wotaya 75 peresenti amafunika 300, ndipo wotaya 90 peresenti amafunika 900 peresenti, kutanthauza kuti ndalama yake yotsalayo iyenera kuchuluka kakhumi. Choncho 10 peresenti yoyamba kutayika ndi 10 peresenti yotayika pakati pa 80 ndi 90 si zinthu zofanana ayi, ngakhale kuti palipoti zimalembedwa ndi nambala yofanana. Sheya imene yagwa ndi 90 peresenti ndi sheya imene inayamba yagwa ndi 80 peresenti, kuchoka pa 100 kufika pa 20, kenaka n'kudukanso pakati kufika pa 10. Munthu amene anaigula pa 20, akudziuza kuti yatsika kale kwambiri ndipo singapitirirenso, wataya theka la ndalama zake mofanana ndi wina aliyense amene anataya theka. Mawu akuti "yatsika kale mokwanira" alibe maziko alionse m'masamu, chifukwa mtengo uliwonse umene sunafike pa ziro ukhoza kudukanso pakati.

Zimenezi zimaoneka bwino tikatsatira zimene zinachitikira Nasdaq Composite, muyeso wa mitengo ya masheya a ku America umene uli ndi makampani ambiri a zamakompyuta ndi intaneti. Pa 10 Marichi 2000 muyesowu unatseka tsiku uli pa 5,048.62, womwe unali mulingo wapamwamba kwambiri m'mbiri yake kufikira nthawi imeneyo. Pa 9 Okutobala 2002 unali pa 1,114.11, kutsika kwa pafupifupi 78 peresenti. Tiyerekeze kuti munthu wina anaika 1,000,000 tsiku la pachimake lija m'thumba la ndalama zimene anthu ambiri amasonkha kuti zigulidwire masheya, lotsatira muyesowu ndendende. Tsiku la pansi penipeni munthuyo anali ndi pafupifupi 221,000.

Kenaka msika unadzuka mwamphamvu. Pomatha chaka cha 2003 muyesowu unali pa 2,003.37, kukwera kwa pafupifupi 80 peresenti kuchokera pansi paja. Manambala awiriwa mukawaika pamodzi, kutsika kwa 78 ndi kukwera kwa 80, amaoneka ngati afafanizana, mwinanso ngati patsala kaphindu pang'ono. Komatu munthu wathu uja anali ndi pafupifupi 397,000 yokha, ndipo anali akadali pansi ndi 60 peresenti poyerekeza ndi pamene anayambira. Phindu la 80 peresenti lija linamubwezera 176,000 pa 779,000 imene inatayika. Kuchokera pansi penipeni ankafunika kukwera kwa pafupifupi 353 peresenti, ndipo ngakhale pambuyo pa chaka chabwino choterocho ankafunikabe 152 peresenti ina.

Nkhaniyi sinathere pomwepo. Muyesowu unapitiriza kukwera mpaka unafika pa 2,859.12 kumapeto kwa Okutobala 2007, kenaka mavuto a zachuma a 2008 anaugwetsanso mpaka pa 1,268.64 m'Marichi 2009, kutsika kwina kopitirira theka, kumene kunafika dzenje loyamba lija lisanakwiriridwe. Mulingo wa Marichi 2000 unadzapitiriridwa pa 23 Epulo 2015, patatha zaka zoposa 15. Manambala amenewa ndi a mitengo yokha, sakuwerengera phindu limene makampani amagawira eni masheya, lomwe limafupikitsako ulendowu, komanso sakuwerengera kukwera mitengo kwa zinthu, komwe kumautalikitsa, popeza 1,000,000 ya 2015 sinkagula zimene 1,000,000 ya 2000 inkagula. Ndiponso zaka 15 si zotalika kuposa zonse. Muyeso wa Nikkei 225 wa ku Japan unafika pachimake pa 29 Disembala 1989 ndipo mulingo umenewo sunapitiriridwe mpaka mu Febuluwale 2024.

Apa ndi pamene pagona mtengo weniweni wa kugwa kwakuya, ndipo mtengowo umalipiridwa ndi nthawi. Tikatenga mpamba umene ukukula ndi 7 peresenti pachaka, nambala yongoyerekezera, wotaya 10 peresenti amabwerera pakatha chaka chimodzi ndi theka kapena kupitirirapo pang'ono, wotaya 20 peresenti amadikira zaka zitatu ndi miyezi ingapo, ndipo wotaya theka amadikira zaka zoposa 10. Mnyamata wa zaka 25 akhoza kudikira zaka 10 akugwira ntchito n'kumaonjezera ndalama zina. Munthu wa zaka 62 amene akuyembekeza kuyamba kudya penshoni yake alibe zaka zimenezo, ngakhale kuti palipoti onse awiri alembedwa kuti ataya 50 peresenti.

Tsopano pali kutsutsa kumene kuyenera kumvedwa bwino, chifukwa kuli ndi choonadi chambiri. Wotsutsa anganene kuti nkhani yonseyi ndi masewera a manambala. Munthu amene anali ndi masheya 1,000 a mtengo wa 100 iliyonse, mtengo n'kutsika kufika pa 50, akadali ndi masheya ake 1,000, ndipo chimene chikufunika n'chakuti mtengo ubwerere pa 100 pamene unali kale. Mtunda wochoka pa 100 kupita pa 50 ndi womwewo wochoka pa 50 kubwerera pa 100. Kutchula ulendo wotsika kuti 50 peresenti ndi ulendo wokwera kuti 100 peresenti sikutalikitsa njira. Wotsutsayu akunena zoona, ndipo ine ndikugwirizana naye kotheratu pamenepa. Kugawa ndi 2 ndi kuchulukitsa ndi 2 ndi masitepe ofanana kukula, lina lopita kumbuyo, lina lopita kutsogolo, n'chifukwa chake akatswiri ojambula matchati a zaka zambiri amakonda sikelo ya logarizimu, imene imaonetsa kuduka pakati ndi kuwirikiza kawiri ngati mitunda yofanana. Amene amanena kuti kubwerera n'kovuta kawiri kuposa kugwa chifukwa 100 ndi yaikulu kawiri kuposa 50 akupusitsidwa ndi peresenti yomweyo imene akuchenjeza nayo anzawo. Masamu paokha sanena chilichonse za mwayi woti mtengo ubwerere. Muyeso wa S&P 500, wa makampani akuluakulu a ku America, unagwa ndi pafupifupi 57 peresenti pakati pa Okutobala 2007 ndi Marichi 2009, zomwe zinkafuna kukwera kwa 131 peresenti, nambala yoopsa poiona, koma pofika Marichi 2013 unali utabwerera pamulingo wakale. Amene anagulitsa zonse m'Marichi 2009 chifukwa choopa nambala ya 131 ija anadzichotsa okha pa ulendo wobwerera.

Koma kutsutsaku kwatsamira pa chinthu chimodzi chimene wotsutsa sachitchula, chakuti munthuyo adzakhalabe ndi masheya ake onse 1,000 mpaka tsiku limene mtengo udzabwerere. Zimenezi zikalephereka, masamu a theka ndi kuwirikiza amayamba kuluma, ndipo zimalephereka kawirikawiri kuposa momwe anthu amaganizira.

Njira yoyamba imene zimalepherekera ndi kutapa ndalama msika uli pansi. Tiyerekeze kuti wopuma pantchito ali ndi 1,000,000 ndipo amatapamo 50,000 chaka chilichonse kuti azidyera. Msika uli pachimake, 50,000 imeneyo ndi 5 peresenti ya mpamba wake. Msika ukaduka pakati, 50,000 yomweyo yasanduka 10 peresenti ya 500,000 yotsala, ndipo kuti aipeze ayenera kugulitsa masheya ochuluka kawiri kuposa amene akanagulitsa kale. Atatapa amatsala ndi 450,000, moti ngakhale msika utawirikiza kawiri n'kubwerera ndendende pamene unali, iye amafika pa 900,000 basi. Akanatapa 50,000 yomweyo msika usanagwe kapena utabwerera kale, bwenzi ali ndi 950,000. Ndalama imene anatapa msika uli pansi inamudyera kawiri, ndipo msika ukakhala pansi zaka zitatu kapena zinayi, iye akutapabe chaka ndi chaka, kubwerera kwa msika sikukhalanso kubwerera kwake.

Njira yachiwiri ndi ngongole, ndipo iyi ndiyo yankhanza kwambiri. Munthu ali ndi 1,000 yakeyake, wabwereka 1,000 ina kwa broka, mkhalapakati wogulira ndi kugulitsira anthu masheya, n'kugula masheya a 2,000. Mitengo ikatsika ndi 25 peresenti yokha, masheya aja atsala a 1,500, koma ngongole sinatsike nawo, ikadali 1,000, choncho yake yeniyeni ndi 500. Msika wataya gawo limodzi mwa magawo anayi, iye wataya theka. Akanaloledwa kudikira, kukwera kwa 33.3 peresenti kukanabwezera masheya pa 2,000 ndipo iye akanapezanso 1,000 yake, kupatula chiwongoladzanja. Koma wobwereketsa amafuna chikole chokwanira, ndipo chikole chikachepa kupitirira malire amene anagwirizana amalamula kuti muonjezere ndalama kapena masheya ena agulitsidwe. Tinene kuti agulitsidwa a 500 kuti ngongole itsike kufika pa 500, n'kutsala masheya a 1,000. Msika ukadzakwera ndi 33.3 peresenti ija n'kubwerera pamene unali, masheyawo adzakhala a 1,333, ndipo pochotsa ngongole ya 500 munthuyo adzatsala ndi 833. Msika wachira kotheratu, iye akadali pansi ndi pafupifupi 17 peresenti, chifukwa anatsika atanyamula masheya ambiri n'kukwera atanyamula ochepa. Mitengo ikanapitirira kutsika mpaka theka masheya asanagulitsidwe, yake yonse ikanatheratu, ndipo ziro ngakhale mutaichulukitsa ndi nambala yaikulu bwanji imakhalabe ziro.

Palinso kulephereka kwina kumene wotsutsa uja amakuiwala, kwakuti mtengo wa 100 suli ndi ngongole kwa munthu aliyense. Muyeso wa makampani mazanamazana umatha kubwerera chifukwa makampani ofooka amachotsedwamo n'kulowamo ena amphamvu, pamene kampani imodzi imene bizinesi yake yafa ilibe chifukwa chobwerera pamtengo wakale. Makampani ambiri amene anali mu Nasdaq m'chaka cha 2000 anatsekeratu muyesowo usanachire.

Vuto lina limabadwira mumtima mwa wotayayo. Munthu akazindikira kuti akufunika 100 peresenti kuti abwerere, ndipo akawerengera n'kuona kuti pa liwiro labwinobwino zimenezi zitenga zaka khumi, amayamba kufunafuna chinthu chimene chingawirikize ndalama yake m'miyezi yochepa. Zinthu zotere zilipo ndithu, koma chinthu chimene chingathe kuwirikiza msanga chimathanso kuduka pakati msanga. Akaduka pakati kachiwiri, 500,000 ija imakhala 250,000, ndipo phindu lofunika limachoka pa 100 kufika pa 300 peresenti. Apa masamu amene anayenera kumuchenjeza asanaike ndalama asanduka chikwapu chomuthamangitsira ku ngozi yaikulu. Msika sudziwa mtengo umene munthu anagulira, ndipo funso lakuti ndalama yotsalayo iikidwe pati lili ndi yankho limodzi kwa amene anataya ndi kwa amene akungoyamba kumene ndi 500,000 yomweyo.

N'chifukwa chake ndikuti masamu amenewa ndi othandiza kugwa kusanachitike, pamene munthu akusankha kukula kwa ndalama imene aike pachiswe. Taonani amalonda awiri ogula ndi kugulitsa pafupipafupi, amene onse alakwitsa maulendo khumi motsatizana, zomwe zimachitikira ngakhale odziwa ntchito. Woyamba anadziikira lamulo loti pa ulendo uliwonse asataye zoposa 2 peresenti ya mpamba umene ali nawo panthawiyo. Pambuyo pa maulendo khumiwo watsala ndi pafupifupi 82 peresenti ya mpamba wake ndipo akufunika phindu la 22 peresenti kuti abwerere. Wachiwiri ankaika pachiswe 10 peresenti ulendo uliwonse. Iye watsala ndi pafupifupi 35 peresenti ndipo akufunika 187 peresenti. Nzeru zawo posankha chogula zinali zofanana, tsoka lawo linalinso lofanana, koma woyamba akadali pantchito pamene wachiwiri wagwera m'chigawo chija chimene phindu lofunika limakula mothamanga. Wina anganene kuti maulendo khumiwo akanakhala opambana, wachiwiriyu akanalemera kwambiri kuposa mnzake, ndipo n'zoona. Kusamala kuli ndi mtengo wake, ndipo amene amaika zochepa pachiswe amapindulanso zochepa zinthu zikamayenda bwino. Chimene akugula ndi mtengo umenewo ndi mwayi wokhalapobe pamene zinthu zatembenuka.

Masamu omwewa amatiphunzitsanso kukayikira avereji imene ogulitsa matumba a ndalama amakonda kuonetsa. Thumba limene linapindula 100 peresenti chaka choyamba n'kutaya 50 peresenti chaka chachiwiri lili ndi avereji ya 25 peresenti pachaka mukaphatikiza manambala awiriwo n'kugawa ndi 2, koma woikamo 1,000 anakwera kufika pa 2,000 n'kubwerera pa 1,000, osapindula kalikonse. Maperesenti a zaka zotsatizana saphatikizidwa, amachulukitsidwa: kukwera kwa 100 peresenti ndi kuchulukitsa ndi 2, kutsika kwa 50 peresenti ndi kuchulukitsa ndi 0.5, ndipo zotsatira zake ndi 1. Thumba likamakwera ndi kutsika mwamphamvu, mpata wa pakati pa avereji yolembedwa ndi ndalama imene munthu wagwira m'manja umakulirakulira.

Choncho wokupatsani lipoti la phindu mumufunse manambala atatu amene kawirikawiri salembedwa patsamba loyamba: mulingo wapamwamba kwambiri umene thumbalo linafikapo, mulingo wotsikitsitsa umene linafika pambuyo pake, ndi miyezi imene inadutsa kuti mulingo wapamwamba uja upezekenso. Muonetsetsenso kutalika kwa mbiri imene akukuonetsani, chifukwa thumba limene linayamba m'Epulo 2009 likhoza kuonetsa zaka zambiri zokoma popanda kugwa kwa theka, kungoti linabadwa chigumula chitadutsa, ndipo lipoti lowerengedwa kumapeto kwa chaka kokha limabisa maenje amene anachitika pakati pa chaka. Mukapeza kugwa kwakukuluko, mukusandutse ndalama yeniyeni pa mpamba wanu. Ngati mukufuna kuika 1,000,000 m'thumba limene linagwapo ndi theka, lembani 500,000 papepala, ndipo mudzifunse ngati m'zaka zimene lingatenge kuti lichire mudzafunika kutapamo, komanso ngati pali wobwereketsa amene angakukakamizeni kugulitsa. Yankho likakhala lakuti inde, chepetsani gawo limene mukuikamo. Woika 400,000 yokha, n'kusunga 600,000 pamalo pamene mtengo susunthasuntha, msika ukaduka pakati amataya 200,000, yomwe ndi 20 peresenti ya zonse, ndipo ndalama yodyera amaitenga pa 600,000 ija osagulitsa sheya ngakhale imodzi pamtengo wotsika.